Magulu a Magazi ndi Ngozi ya Kuthiridwa Magazi Olakwika

Maselo ofiira a magazi ali ndi tizizindikiro pamwamba pake timene munthu amatengera kwa makolo ake. Karl Landsteiner ndiye anatulukira zimenezi ku Vienna mu 1901. Munthu wokhala ndi chizindikiro A ndi wa gulu A, wa chizindikiro B ndi wa gulu B, wokhala ndi zonse ziwiri ndi AB, ndipo wopanda A kapena B ndi wa gulu O. M'madzi a m'magazi mumakhala asilikali a thupi olimbana ndi chizindikiro chimene mwini wake alibe. Choncho wa gulu O ali ndi asilikali odana ndi A ndi B yemwe, ngakhale sanathiridwepo magazi chibadwire.

Ngozi yake imaoneka bwino pa mayi wa gulu O amene wataya magazi ambiri pobereka, ndipo mwangozi wapatsidwa thumba la gulu A. Asilikali aja amagwira maselo achilendowo ndi kuwaphulitsa m'mitsempha momwemo. Pasanathe mphindi zingapo mayiyo amamva kuzizidwa ndi kunjenjemera, thupi limatentha, msana ndi chifuwa zimapweteka, mtima umathamanga. Mkodzo umafiira kapena kuda ngati tiyi. Zikapitirira, impso zimaleka kugwira ntchito, magazi amalephera kuundana, ndipo munthu akhoza kumwalira. Magazi ochepa chabe, ongokwana masipuni angapo, amatha kuyambitsa zonsezi.

N'chifukwa chake namwino amayang'anitsitsa wodwala pa mphindi 15 zoyambirira. Akaona zizindikirozo amatseka magazi nthawi yomweyo, n'kuika diripu ya madzi amchere, ndipo thumbalo limabwerera ku labotale pamodzi ndi magazi ena a wodwalayo. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri cholakwika chimakhala cha anthu: dzina lolakwika pa kabotolo koyezera, kapena thumba loperekedwa kwa wodwala wa bedi lina.

Chizindikiro china ndi Rh, chimene chinadziwika mu 1940. Amene ali nacho gulu lake limalembedwa ndi +, monga O+, ndipo amene alibe limalembedwa ndi −. Apa zinthu zimasiyana, pakuti munthu wopanda Rh sakhala ndi asilikali olimbana nacho mpaka thupi lake litakumana ndi magazi okhala nacho. Mayi wa O− akabereka mwana wa O+, magazi pang'ono a mwanayo amalowa mwa mayi, ndipo thupi limapanga asilikali. Mwana woyambayo nthawi zambiri amabadwa bwinobwino. Koma pa mimba yotsatira, mwana akakhalanso ndi Rh, asilikaliwo amawoloka kukaswa maselo ake, ndipo amabadwa wosowa magazi, amadwala chikasu, kapena amafera m'mimba. Jakisoni woteteza vutoli amabayidwa kwa mayi pasanathe maola 72 chiberekereni.