Kusefa zidziwitso kuti wounika khodi aone mapempho okhawo omuyembekezera

M'magulu ambiri olemba mapulogalamu a pakompyuta muli lamulo lakuti munthu asalowetse zimene walemba m'pulogalamu ya onse mnzake asanaziunike. Pa GitHub, pomwe magulu ochuluka amasungirapo ntchito yawo, lamuloli limayenda kudzera m'pempho lophatikiza, lomwe pa sikirini limalembedwa kuti `pull request`: wolemba amaonetsa mizere ya khodi imene wasintha, khodi kutanthauza malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata, ndipo amapempha anzake kuti aivomereze, aikane kapena anene zoti zikonzedwe isanalowe m'nkhokwe, yomwe ndi malo osungiramo mafayilo onse a pulogalamuyo pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwake. Wounika ali ngati mlonda wa pachipata, ndipo akachedwa, ntchito ya mnzake imaima. Nthawi zambiri chimene chimam'chedwetsa si ulesi, koma kuti uthenga umodzi womuitana wakwiririka pakati pa mauthenga ambirimbiri ongomuuza zimene ena akuchita.

Gwero loyamba la phokosoli ndi kutsatira nkhokwe. Nkhokwe iliyonse ili ndi batani la `Watch`, ndipo munthu amene wasankhapo `All Activity` amalandira chidziwitso pa pempho lililonse, ndemanga iliyonse ndi nkhani iliyonse ya m'nkhokwemo, kaya ikum'khudza kaya ayi. Kwa zaka zambiri GitHub inkalembetsa munthu yokha kuti azitsatira nkhokwe iliyonse imene wapatsidwa chilolezo cholembamo, kotero anthu amene agwira ntchito nthawi yaitali pakampani imodzi amapezeka akutsatira nkhokwe zimene sanazitsegulepo n'komwe. Mndandanda wake uli pa `github.com/watching`, ndipo chofunika ndi kusintha nkhokwe zoterezo kuti zikhale pa `Participating and @mentions`, kutanthauza kuti uthenga uzibwera pokhapokha munthuyo ali nawo pankhaniyo kapena watchulidwa dzina. Chimene sichiyenera kusankhidwa pa nkhokwe ya kuntchito ndi `Ignore`, chifukwa chimatseka ngakhale uthenga wa mnzake amene wamutchula dzina pofuna thandizo.

Kuchita zimenezi kumachepetsa mauthenga, koma sikuthetsa vuto, ndipo chifukwa chake chimaoneka munthu akayang'anitsitsa imelo imodzi yochokera ku `notifications@github.com`. Pamzere wa `Cc` pamakhala adiresi yachiwiri yonena chifukwa chimene imeloyo yatumizidwira: `mention@noreply.github.com` ngati munthuyo watchulidwa dzina, `author@noreply.github.com` ngati pempholo ndi lake, `subscribed@noreply.github.com` ngati akungotsatira nkhokwe, ndi `review_requested@noreply.github.com` ngati wapemphedwa kuunika. Ambiri akazindikira zimenezi amapanga sefa, yomwe ndi lamulo louza bokosi la imelo kopita uthenga uliwonse, nkuganiza kuti nkhani yatha. Komatu chifukwacho chimamatirira ku pempho lonse, osati ku uthenga umodzi, moti munthu akangopemphedwa kamodzi, ndemanga za ena zimene zikubwera pambuyo pake zimafikanso ndi chizindikiro chomwecho, ngakhale iye atamaliza kale mbali yake. Kuwonjezera apo, chizindikirocho sichisiyanitsa pempho lopita kwa munthu mwini wake ndi lopita ku gulu limene iye alimo. Sefa ya `reason:review-requested` ya m'bokosi la zidziwitso la pa GitHub ili ndi chilema chomwecho. Wogwiritsa ntchito Gmail angaithine sefayo powonjezera mawu amene amapezeka m'uthenga woyamba womuitana:

```
cc:review_requested@noreply.github.com "requested your review"
```

Sefa imeneyi ndi yothandiza ngati belu la pakhomo, koma imadalira mawu amene GitHub ingawasinthe tsiku lina lililonse, ndipo siingauze munthu ngati pempholo likadali lotsegula.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chidziwitso chimanena zimene zinachitika pa nthawi inayake, pomwe funso la wounika m'mawa uliwonse ndi la mmene zinthu zilili panopa: ndi mapempho ati amene sangayende iye asanachitepo kanthu? Imelo ya dzulo yomuitana imakhalabe m'bokosi ngakhale wolemba atatseka pempholo usiku, ndipo imelo imene yatsegulidwa mwangozi pafoni m'minibasi imasiya kuoneka yatsopano ntchito yake isanagwiridwe. Funso la panopa limayankhidwa ndi kusaka, komwe kumaona mmene pempho lililonse lilili pa mphindi imeneyo. Pa `github.com/pulls` munthu angalembe mzere uwu, nkusunga tsambalo kuti likhale loyamba kutsegula:

```
is:pr is:open draft:false archived:false user-review-requested:@me sort:updated-asc
```

Mawu a `draft:false` amachotsa mapempho amene eni ake anena okha kuti sanamalize, mtundu wa pempho umene GitHub inayambitsa mu 2019, ndipo `sort:updated-asc` imaika pamwamba pempho limene lakhalitsa osakhudzidwa, lomwe kawirikawiri ndilo limene mwini wake akudandaula nalo mwakachetechete. Koma mawu ofunika koposa ndi `user-review-requested`, amene amasankha mapempho opita kwa munthuyo ndi dzina lake basi, kusiyana ndi `review-requested`, amene amaphatikizapo onse opita ku magulu amene iye alimo.

Kusiyana kumeneku kumamveka bwino ndi chitsanzo chongoyerekeza. Gulu la anthu 8 limayang'anira gawo la pulogalamu lokhudza malipiro, ndipo m'nkhokwe muli fayilo ya `CODEOWNERS`, yomwe GitHub inayambitsa mu 2017 kuti izinena eni a gawo lililonse la khodi ndi kuwapempha yokha kuti aunike gawolo likasinthidwa. M'fayilomo muli mzere uwu:

```
/malipiro/  @bungwe/gulu-la-malipiro
```

Ngati patsiku pakubwera mapempho 10 okhudza gawoli, ndipo lililonse likubala zochitika 6, monga kuitana, ndemanga, kuvomereza ndi kuphatikiza, munthu aliyense m'gululo angalandire mauthenga 60, ndipo gulu lonse mauthenga 480, pa ntchito imene ikufuna maso a munthu mmodzi kakhumi kokha. Choipa kwambiri si kuchuluka kwa mauthengawo ayi, koma kuti palibe amene akudziwa kuti pempho ili ndi lake, ndipo aliyense amaganiza kuti wina mwa anzake 7 aja waliona kale. Munthu wa m'gululi akalemba `review-requested:@me` amaona onse 10, akalemba `user-review-requested:@me` saona kalikonse, ndipo mayankho onse awiri ndi osathandiza, chifukwa sefa siingasankhe mwini wa ntchito pamene gulu lenilenilo silinamusankhe.

N'chifukwa chake gawo lalikulu la kusefa silichitikira m'bokosi la munthu mmodzi, koma m'makonzedwe a gulu, amene woyang'anira gululo kapena mwini bungwe ndiye angawasinthe. Pansi pa `Code review` pali `Enable auto assignment`, yomwe imachititsa kuti gulu likapemphedwa, GitHub isankhe anthu angapo mwa iwo, monga mmodzi kapena awiri, nkuwapempha ndi maina awo m'malo mwa gulu lonse. Njira zosankhira ndi ziwiri: `Round robin` imasinthanitsa anthu poyambira amene papita nthawi yaitali asanapemphedwe, posayang'ana kuchuluka kwa ntchito imene ali nayo kale, pomwe `Load balance` imawerengera mapempho amene aliyense walandira ndi amene sanawamalize, pofuna kuti pa masiku 30 onse asenze mofanana. Njira yachiwiriyi ndiyo yoyenera gulu limene mapempho ake amasiyana kwambiri nthawi imene amatenga. Munthu amene waika chizindikiro cha `Busy` sasankhidwa, zomwe ndi zabwino kwa amene ali patchuthi kapena kumaliro, koma zimafuna kuti azikumbukira kuchichotsa akabwerera. Palinso `Only notify requested team members`, yomwe imaletsa kudziwitsa gulu lonse pamene mmodzi wa iwo wapemphedwa kale ndi dzina. M'chitsanzo chija, ngati pempho lililonse lipatsidwa munthu mmodzi, aliyense amapeza limodzi kapena awiri patsiku, ndipo mzere wosakira uja umayamba kunena zoona. Malire ake ndi akuti ngati nthambi ya khodi ili ndi lamulo lakuti eni gawo avomereze kaye, dzina la gulu silichoka pa pempholo, koma la munthu wosankhidwayo limangowonjezedwa pambali pake, choncho `review-requested:@me` imaonetsabe zonse kwa aliyense, ndipo n'chifukwa chake mawu oyamba ndi `user-` sayenera kuiwalidwa.

Mpata woopsa kwambiri umatseguka kuunika koyamba kukatha. Wounika akangopereka ndemanga zake, kaya wavomereza kaya wanena zoti zikonzedwe, GitHub imaona kuti pempho lopita kwa iye lakwaniritsidwa, ndipo limachoka pamndandanda wake. Wolemba amakonza zimene anauzidwa, natumiza khodi yatsopano, nkukhala chete kudikira, pomwe wounika, amene tsopano sawerenga uthenga uliwonse, akuona mndandanda wopanda kanthu. Onse awiri achita zoyenera monga mmene akuonera, koma pempholo lingagone masiku angapo. Mankhwala ake ndi kachizindikiro ka mivi yozungulira kamene kali pafupi ndi dzina la wounika kumbali ya tsamba, kolembedwa kuti `Re-request review`, komwe wolemba akakadina pempholo limabwerera pamndandanda wa mnzakeyo. Gulu limene likufuna kuti ounika ake asiye kuwerenga zonse liyenera kugwirizana poyera, ndi kulemba m'malangizo a nkhokwe, kuti wolemba akamaliza kukonza azidina pamenepo, popeza wounika sangaimbidwe mlandu pa ntchito imene sinam'fikire.

Popeza anthu amaiwala, makamaka atsopano ndi obwera kudzathandiza kuchokera kunja kwa bungwe, wounika wosamala amasunganso mzere wachiwiri, umene amauyang'ana kamodzi patsiku:

```
is:pr is:open reviewed-by:@me -author:@me review:changes_requested sort:updated-desc
```

Mzerewu umaonetsa mapempho otsegula a anthu ena amene iye anawaunikapo ndipo akadali ndi zoti zikonzedwe, osinthidwa chaposachedwa ali pamwamba. Umagwiranso ntchito yoyesa makonzedwe onse: pempho limene lili ndi khodi yotumizidwa pambuyo pa ndemanga za wounika, koma silikupezeka pamndandanda woyamba, ndi chizindikiro chakuti wolemba sanamuitanenso, ndipo zoterezi zikamapezeka sabata ndi sabata, chofunika kukonza ndi mgwirizano wa gulu, osati sefa. Chimodzimodzinso, mndandanda woyamba ukakhala wopanda kanthu masiku awiri kapena atatu pamene anzake akutanganidwa, wounika ayenera kulemba `team-review-requested:bungwe/gulu-la-malipiro` kuti aone ngati pali mapempho amene afika ku gulu popanda kupatsidwa munthu, ndi kuonanso ngati chizindikiro cha `Busy` chikadali pa dzina lake.