Amene waganiza ndi amene watsimikizira n'ngosiyana

M'chaka cha 1986, dokotala wina wa ku America, Aaron Fink, analembera kalata magazini ya zachipatala. M'kalatamo anati mwina amuna osadulidwa ndi amene amatenga kachilombo ka HIV mosavuta, chifukwa khungu la kunsonga n'lofewa ndipo limang'ambika msanga. Iye sanayeze magazi a anthu kuti aone ngati zilidi choncho. Anangolumikiza zomwe ankazidziwa pa za thupi la munthu, n'kutulutsa ganizo.

Tsono tiyerekeze kuti mwana wasukulu, kapena mtolankhani, akufotokozera ena za kalata imeneyi. Akhoza kulemba kuti "Fink anatsimikizira kuti mdulidwe umateteza", kapena kuti "Fink anapereka ganizo loti mdulidwe mwina umateteza". Dzina ndi lomwelo, chaka ndi chomwecho, koma chiganizo choyambacho ndi bodza. Bodzalo lili m'mneni mmodzi yekha. Mneni amene timaika pakati pa dzina la mwini mawu ndi mawu akewo ndi amene amauza owerenga kulemera kwa umboni, ndipo ambiri timangotola mneni amene wabwera msanga m'mutu, kapena kusinthasintha aneni pofuna kuti nkhani isatopetse. Chizolowezi chachiwirichi ndimachiopa kwambiri, chifukwa chimaoneka ngati luso.

Nkhani ya mdulidwe imathandiza kuona bwino zimenezi, popeza umboni wake unakula pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 20, ndipo pa sitepe iliyonse mneni woyenera ankasintha.

Pa kalata ya Fink, aneni oyenera ndi monga "anaganiza kuti", "anapereka mfundo yoti", "anaikira kumbuyo ganizo loti". Aneni amenewa amati munthuyo ali ndi zifukwa zake ndipo akufuna timumvere, koma nkhaniyo ikadali yotheka kutsutsidwa. Si mawu onyoza. Pali nkhani zambiri, monga za mbiri yakale, malamulo ndi kumasulira mabuku, zomwe katswiri sangazitengere ku labotale. Chomwe angachite n'kusanja zifukwa zake bwino. Tikamunenera kuti "akuikira kumbuyo mfundo yakuti", tamupatsa ulemu wake wonse.

Kenaka kunabwera kafukufuku wongoyang'anira anthu. Wina wotchuka anachitikira ku Nairobi ndipo anasindikizidwa mu 1989: mwa amuna amene ankabwera kuchipatala ndi matenda opatsirana pogonana, osadulidwa ndiwo ankatenga HIV kwambiri. Ofufuza enanso anaona kuti madera a mu Africa momwe mdulidwe uli mwambo, kachilomboka sikanafale ngati m'madera ena. Apa pali manambala, ndiye dzanja limayabwa kulemba kuti "kafukufuku watsimikizira". Koma taganizani. Amuna odulidwa ndi osadulidwa sasiyana pa khungu pokha. Nthawi zambiri amasiyananso chipembedzo, mtundu, kumene akukhala, kamwedwe ka mowa ndi miyambo ya ukwati. Ngati odulidwa ambiri m'kafukufukumo ndi a chipembedzo choletsa mowa, tingadziwe bwanji kuti chawateteza ndi mdulidwe osati khalidwe lina? Ofufuza amayesa kuchotsera zinthu zoterezi powerengera, koma amangochotsera zomwe anaziganizira ndi kuzifunsa. N'chifukwa chake pa umboni wa mtundu uwu timati "zotsatirazi zikupereka chithunzi choti", "zikuoneka ngati", "zikuloza ku". Tikhozanso kunena mosaopa kuti "anapeza kuti osadulidwa ankatenga kachilombo kwambiri", pakuti chimenecho anachiwerengadi. Chomwe sitinganene n'chakuti anapeza chifukwa chake.

Zinthu zinasintha mu 2005, pamene zotsatira za kafukufuku wa ku Orange Farm, kufupi ndi Johannesburg, zinatuluka. Gulu lotsogozedwa ndi Bertran Auvert linatenga anyamata oposa 3,000 a zaka 18 mpaka 24, onse osadulidwa koma ofuna kudulidwa, n'kuwagawa pawiri mwa maere. Ena anadulidwa nthawi yomweyo, ena anauzidwa kuti adikire. Maerewo ndiwo mutu wa nkhani: akagawa anthu, omwa mowa, opemphera ndi okonda zibwenzi amagwera mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo chosiyanitsa magulu chimatsala chimodzi. Pomwe kafukufukuyu ankaimitsidwa, mwa odulidwa 20 anali atatenga kachilombo, pamene mwa odikira anali 49, kusonyeza kuti chiopsezo chinatsika ndi pafupifupi 60 peresenti. Kafukufuku wa mtundu womwewu ku Kisumu m'dziko la Kenya ndi ku Rakai m'dziko la Uganda anapezanso zofanana, ndipo mu 2007 bungwe la WHO ndi la UNAIDS analangiza kuti mdulidwe ukhale imodzi mwa njira zopewera HIV. Pofika apa, wolemba angathe kunena kuti "kafukufuku waonetsa" kapena "watsimikizira", ndipo sakukokomeza. Ndipotu amene angalembebe kuti "ena akuganiza kuti mdulidwe umathandiza" walakwanso, kungoti walakwira mbali inayo: wapeputsa umboni wolemera, ndipo owerenga adzauyesa mphekesera.

Komabe mneni wamphamvu amafuna kuti mawu omutsatira akhale opimidwa bwino. Chomwe chinatsimikizika n'chakuti mdulidwe umachepetsa mwayi woti mwamuna atenge kachilombo kuchokera kwa mkazi. Kuchepetsa, osati kuthetsa. Paja anthu 20 aja anali a m'gulu la odulidwa. Ndiponso kafukufuku wina wa ku Rakai komweko, wosindikizidwa mu 2009, sanapeze kuti kudula mwamuna yemwe ali kale ndi kachilombo kumateteza mkazi wake. Wolemba akati "akatswiri atsimikizira kuti mdulidwe umateteza ku Edzi", mneni wautenga pamalo oyenera koma wausenzetsa katundu wa eni, ndipo mnyamata amene wawerenga akhoza kutaya kondomu.

Pali chinanso chomwe mneni amanyamula mobisa, chomwe ndi mtima wa wolembayo. Ndikalemba kuti uje "waulula" kapena "wavomera", ndaneneratu kuti zomwe wanenazo n'zoona. Ndikati "akukakamira kuti", ndamupanga wamakani. Ngakhale kamawu koti "akuti", tikakabwereza kawirikawiri m'ndime imodzi, kamayamba kumveka ngati tikusamba m'manja. Palibe cholakwika kukayikira munthu, bola chifukwa chake chilembedwe poyera, pamene owerenga angachione ndi kuchiweruza. Ngati simunafike pogamula, "wanena kuti" ndi "walemba kuti" sakokera mbali iliyonse, ndipo kuwabwereza si mlandu.

Nanga mneni woyenera timamupeza bwanji? Musayambire pa mutu wa nkhani ya m'nyuzipepala, chifukwa pamenepo m'pamene "mwina" amakonda kusowera. Pitani pa lipoti lenilenilo, muone kaye mneni amene eni ake agwiritsa ntchito m'gawo lomaliza, ndipo wanu asapose wawo. Mukatero bwererani pa gawo lofotokoza mmene anafufuzira: kodi anangolingalira, anayang'anira anthu monga analiri, kapena anawagawa mwa maere? Kodi ena anabwereza n'kupeza zomwezo? Gawo limeneli nthawi zina limakukakamizani kutsika pansi pa eni ake. Ofufuza akalemba kuti "tatsimikizira" koma anangofunsa anthu ochepa a pa chipatala chimodzi, inu lembani zomwe anachita ndi zomwe anapeza, kenaka muwonjezere kuti iwo akuona kuti zimenezi zikutanthauza chakutichakuti, ndipo mutchule chiwerengero cha anthu omwe anafunsidwawo.