Katapila anandipatsa K90,000, ndinabweza K300,000

Mwezi umene ndinayamba ntchito ku Lilongwe, eni nyumba ku Area 25 anafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Zinaperewera K100,000. Mnzanga wina anandipatsa nambala ya bambo wina wobwereketsa ndalama, ndipo pa WhatsApp anandiyankha pasanathe ndi mphindi ziwiri zomwe: "Achemwali, bwerani lero lomwe. Mawa ndalama zikhala zitatha." Ndinathamangira komweko. Zimene ndinaphunzira m'miyezi inayi yotsatira ndi izi.

Choyamba ndi masamu. Tinagwirizana K100,000, chiwongoladzanja 50 peresenti pamwezi. Koma powerenga ndalama anachotsapo K10,000, ati "ya fomu". M'manja mwanga munalowa K90,000, pamene kumapeto kwa mwezi ndimayenera kubweza K150,000. Ndiye kuti ngongoleyo imandidyera K60,000 pa K90,000, pafupifupi matambala 67 pa kwacha iliyonse, m'masiku 30 okha.

Malipiro atabwera sindikanatha kupereka K150,000 yonse. Bamboyo sanakwiye n'komwe. "Osadandaula, ingoperekani 50 ya pamwambayo, inayo tiona mwezi wamawa." Ndinaona ngati andichitira chifundo, osadziwa kuti msampha wagona pomwepo. Miyezi itatu ndinapereka K50,000 mwezi uliwonse, yonse pamodzi K150,000, koma ngongole ya K100,000 sinatsike ndi tambala yomwe. Mwezi wachinayi ndinagulitsa laputopu n'kupereka K150,000 ina. Zonse zinakwana K300,000.

Tsono musanasayine paliponse, funsani mafunso awiri okha: m'manja mwanga mulowa zingati, ndipo ndidzabweza zingati zonse pamodzi, tsiku liti? Wobwereketsa wachilungamo amalemba manambala amenewa papepala n'kukupatsani lanu. Akamangozungulira ndi mawu oti "kachiwongoladzanja kochepa", kapena akafuna mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ngongoleyo isanatuluke, bwererani.

Chachiwiri ndi phuma. Mawu aja oti "lero lomwe" sanali ondithandiza ine. Ankafuna ndisapeze mpata wowerengetsera kapena wofunsa munthu wina. Pepala limene ndinasayina anandiwerengera okha mothamanga, malo ena anali osalembapo kanthu, ndipo nditapempha kulijambula pafoni anati, "Aaa, simukundikhulupirira?" Ndinachita manyazi n'kungosayina. Pano ndimati ngongole imene singadikire mpaka mawa si yabwino. Pemphani kupita nalo pepalalo kunyumba. Akakana, yankho mwalipeza kale.

Chachitatu, chimene chinandipweteka kwambiri, ndi chikole. Anatenga chiphaso changa cha unzika, khadi ya ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, ati "n'zongosunga basi". Tsiku la malipiro iwo ndi amene ankapita kumakina kukatapa, ine n'kumangoona uthenga pafoni kuti ndalama zatuluka. Popanda chiphaso sindikanatha kulembetsa simu yatsopano foni yanga itabedwa, ndipo ku banki sakanandithandiza pakauntala. Ndinali ngati mbuzi yomangidwa pachingwe. Komanso ndani akudziwa chimene munthu angachite ndi chiphaso chako? Akhoza kulembetsa nacho simu kapena kukakongola kwina m'dzina lako.

Kupempha chikole pakokha si kulakwa, nawonso mabanki amapempha. Koma mabungwe ovomerezeka amaona chiphasocho, n'kuchijambula, n'kukubwezerani. Nambala yachinsinsi ndiye ngakhale ogwira ntchito ku banki yanu safunsa. Amene akuifuna ndiye kuti akufuna malipiro anu onse.

Nanga wovomerezeka tingamudziwe bwanji? Mabungwe obwereketsa ndalama kuno kwathu amalembetsedwa ndi kuyang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Reserve, motsatira lamulo la ngongole zing'onozing'ono la 2010. Pemphani kuona chiphaso chawo, ndipo onani ngati ali ndi ofesi yodziwika komanso ngati amapereka lisiti. Wanga uja tinkakumana m'galimoto mwake kuseri kwa golosale.

Ngati mwakodwa kale, musakongole kwa katapila wina kuti mutseke uyu. Imbani ku banki yanu atseke khadiyo. Sungani mauthenga onse ndi umboni wa ndalama iliyonse imene mwapereka, ndipo lekani kupereka pamanja popanda cholemba. Akakaniza chiphaso chanu kapena akayamba kukuopsezani, kaneneni kupolisi. Makhothi athu alinso ndi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso.

Ine chimene chinandichedwetsa ndi manyazi. Nditawauza amayi, anangopukusa mutu. "Mwanawe, kubanki m'khonde kwathu ndikanakutengera ndalama imeneyo. Unalekeranji kunena?" Ndinasowa choyankha. Chiphaso changa chinabwerera, koma laputopu ija ndiye inapita.