Kaunjika wa pa foni: tepi, mawu oona ndi kondakitala

Aliyense amene anagulapo buluku pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe akudziwa kayesedwe kake. Umagwira m'chiuno mwa bulukuyo n'kulizunguliza pakhosi, ndipo nsonga zikakumana kumbuyo umati landikwana. Kenako umaliunika padzuwa, kukoka zipi, kusuzumira pakati pa miyendo. Tsopano kaunjika wambiri akugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene wogula ali ku Zomba pamene chovala chili ku Chirimba. Zonse zimene manja ndi maso ake akanachita, ayenera kumuchitira ndi wogulitsa, ndipo ambiri amene malonda awa amawakanika amagwera pomwepa.

Tiyerekeze kuti mwamasula belo, mwapezamo jinzi yabuluu yachizimayi, ndipo pa kansalu ka m'chiuno palembedwa 12. Musathamangire kulemba kuti "sayizi 12" n'kusiyira pomwepo. Belo limasonkhanitsa zovala zosokedwera maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwa njira yake. Sayizi 12 ya ku Britain imafanana ndi 8 ya ku America, ndiponso ndi 40 ya maiko ambiri a ku Ulaya. Choncho 12 ya ku America ndi yaikulu ndithu kuposa 12 ya ku Britain. XL yosokedwera misika ya ku Asia nthawi zambiri imakhala yaing'ono kuposa XL ya ku America. Kuwonjezera apo, chovalachi chinavalidwa kale: mwina chinakhwinyata pochapidwa, mwina chinatanuka, mwinanso mwini wake anakachepetsa kwa telala.

Mankhwala ake ndi tepi ya telala, ija yotsika mtengo. Yalani jinziyo pathebulo, mangani batani, ndipo yezani m'chiuno kuchokera mbali ina kufika mbali inzake popanda kukoka. Mukapeza mainchesi 15, chulukitsani kawiri: chiuno ndi 30. Chitani chimodzimodzi m'mahipi, pamalo otambalala kwambiri. Akakhala 20, ndiye kuti 40. Pomaliza yezani msoko wam'kati mwa mwendo, kuchokera pamene miyendo yakumana kufika kumpendero. Ikakhala shati kapena diresi, muyezo wofunika kwambiri ndi wochokera m'khwapa kufika m'khwapa, kenako kutalika kwake kuchokera paphewa. Wogula musamuuze kuti adziyeze thupi, chifukwa ambiri amakoka mimba kapena kumangitsa tepi. Mpempheni atenge buluku limene limamukwana bwino, aliyale, aliyeze monga mwachitira inu. Manambala akasiyana ndi inchi yathunthu m'chiuno, pa nsalu yosatanuka, muuzeni asagule.

Chovala muchiyeze mutachichapa kale ndipo chauma. Kuchapako kumachotsa fungo la m'belo lija, komanso kumaulula zobisika: banga limene sopo walephera, kapena utoto umene ukutuluka.

Apa ndi pamene mtima umayesedwa. Mwapeza kuti jinzi yathu ija yayamba kupyapyala pakati pa ntchafu, ndipo kumpendero wa mwendo wakumanzere ulusi wayamba kutothoka. Pachithunzi cha foni izi sizioneka, ndipo mutangokhala chete chovalacho chikhoza kupita lero lomwe. Ine ndimati nenani. Mayi amene alandire jinziyo adzaona pamene papyapyala tsiku lomwelo, ndipo sadzangosiya kukugulani. Adzauzanso anzake a ku ofesi ndi a ku banki m'khonde, omwe ndiwo akanakhala makasitomala anu a mawa. Koma amene munamuuziratu, n'kumuchotserako mtengo, alibe chodandaula, chifukwa anagula akudziwa. Mawu oti "chili bwinobwino" sathandiza munthu. Tchulani malo ake ndi kukula kwa vutolo: kabanga kofanana ndi njere ya chimanga pansi pa thumba lakumanja, batani limodzi losiyana ndi anzake, lasitiki wofooka. Pofufuza, tembenuzani chovala, muunike m'khwapa, m'khosi, m'matumba, ndipo zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo.

Zithunzi jambulani masana, pamthunzi wa pakhonde. Babu la usiku limasandutsa choyera kukhala chachikasu, ndipo buluu wakuda amaoneka ngati wakuda weniweni. Zinayi zimakwana: kutsogolo, kumbuyo, kansalu ka sayizi, ndi pamene pali vuto, mutaika chala kapena ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kudziwike. Musatenge chithunzi cha pa intaneti cha chovala chofanana nacho. Pansi pa chithunzi choyamba lembani zonse, mwachitsanzo: "Nambala 7. Jinzi yachizimayi, buluu wakuda, yosatanuka. Palembedwa 12. Chiuno mainchesi 30, mahipi 40, mwendo 29. Yapyapyala pang'ono pakati pa ntchafu, onani chithunzi chachinayi." Kenako mtengo. Nambala 7 ija si yokongoletsera. Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo munthu akakuimbirani mawa lake n'kunena kuti "ija yabuluu ija," pamene munaika zabuluu zisanu, mudzatumiza yolakwika. Mawu olembedwawo amathandizanso amene bandulo yamuthera ndipo chithunzi chikukana kutseguka.

Za malipiro ndingonena chimodzi. Wogula akati watumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musadalire uthenga umene wakuonetsani, chifukwa mauthenga abodza alipo. Onani nokha ngati ndalama zawonjezekadi mu akaunti yanu. Mugwirizanenso kale kuti ya thiransipoti alipira ndani.

Kwatsala ulendo. Pindani jinziyo, muiike m'majumbo awiri, mumate ndi selotepi, chifukwa m'minibasi katundu amakhala pansi pa mpando kapena kumbuyo, limodzi ndi nsomba, matumba a makala ndi zigubu za mafuta. Pamwamba lembani dzina la wolandira, foni yake ndi siteji imene akatsikire katunduyo. Pasiteji, phukusi musapereke kwa woitanira, pakuti iye satuluka m'depoti; perekani m'manja mwa kondakitala kapena dalaivala. Tengani nambala yake ya foni, muiimbe muli pomwepo kuti mumve ikulira, jambulani nambala ya galimoto, ndipo zonsezi mutumizire wogula.

Sankhani minibasi imene yatsala pang'ono kudzaza, popeza minibasi ilibe nthawi yonyamukira, imadikira mipando. Wogula muuzeni nthawi imene yanyamukadi, osati imene munafika pasiteji. Funsaninso ngati ikukafika kumene ikunenako. Anthu akachepa panjira, kondakitala amatha kuwasamutsira m'minibasi ina n'kubwerera, ndipo maphukusi ambiri amasochera pa kusamutsana kumeneku. N'chifukwa chake ulendo waufupi ngati wa Limbe kupita ku Zomba suvuta, pamene wautali ngati wa Blantyre kupita ku Lilongwe, wodzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndi bwino kuupereka ku basi yaikulu kapena kwa a mtengatenga amene amapereka lisiti, makamaka katundu akakhala wodula. Tumizani m'mawa. Phukusi lofika usiku limapeza wogula atachoka pasiteji, ndipo kondakitala sangaimitse anthu odzaza galimoto chifukwa cha jinzi imodzi. Amalisiya kwa wogulitsa mayunitsi wapafupi, kapena amapita nalo kukagona kwawo.

Wogula akalandira, mpempheni ayese tsiku lomwelo ndipo akuuzeni. Ngati munagwirizana kuti chosakwana chikhoza kubwezedwa, chibwere mawa lake, chisanavalidwe ku ukwati, ndipo ndalama ya ulendo wobwererawo ilipidwe ndi amene analakwitsa muyezo.