Pamene 95 Peresenti Ibisa Dera Lomwe Ntchito Yagwa

Pafupifupi bungwe lililonse la zachitukuko limakhala ndi tebulo limodzi pa kompyuta lomwe limatsegulidwa miyezi itatu iliyonse. Ambiri amalipanga mu Excel. Kumanzere kumakhala zinthu zomwe akuyeza, zija amati ma indiketa, monga chiwerengero cha mijigo yokumbidwa, ana obayidwa katemera kapena mitengo yobzalidwa. Kumanja kumakhala magawo anayi a chaka, omwe a m'maofesi amati makota, ndipo kota iliyonse imakhala ndi mabokosi atatu: tageti yomwe analonjeza, zomwe zakwaniritsidwa, ndi peresenti yake. Zonsezi zimalembedwa dera ndi dera, kenako pansi penipeni pamakhala mzere wophatikiza madera onse. Mabwana ndi othandiza ndalama amathamangira mzere wapansiwu, chonsecho ndi womwe umabisa zambiri.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lalonjeza kubzala mitengo 60,000 pa chaka m'madera atatu, lina ku Dedza, lina ku Ntcheu, lina ku Balaka, dera lililonse mitengo 20,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mavuto omwe akuonetsa ndi enieni. Bungweli likutsata chaka cha ndalama cha boma la Malawi, chomwe kuchokera mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Motero kota yoyamba ndi Epulo mpaka Juni, ndipo yachinayi ndi Januwale mpaka Malichi. Izi ziyenera kulembedwa pamwamba pa tebulo, chifukwa ntchito zoyendera ndalama za boma la Amereka zimayamba chaka mu Okutobala. Anthu awiri angathe kukangana za kota yachiwiri pomwe wina akunena za nyengo ya chilimwe, mnzake za dzinja.

Kulakwitsa koyamba kumachitika mtengo ngakhale umodzi usanabzalidwe. Wodzaza tebulo amatenga 60,000 nkugawa panayi, kota iliyonse 15,000. Masamu ake ndi olondola, koma mitengo sibzalidwa mu Julaye. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayambira pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, nthaka ikakhuta mvula. Tebulo logawidwa chonchi limaonetsa ziro m'makota awiri oyamba, mabokosi onse nkufiira, alangizi nkumakalipiridwa popanda mlandu. Ikafika kota yomaliza zotsatira zimaposa tageti katatu, anthu nkuomba m'manja, pomwe palibe chodabwitsa chachitika.

Tageti yabwino imatsata kalendala ya ntchitoyo. Pano makota awiri oyamba ayenera kukhala ziro, yachitatu 12,000 chifukwa ili ndi masabata ochepa okha a Disembala, ndipo yachinayi 48,000. Miyezi yopanda mvulayo imafuna ma indiketa ake: nazale zingati zakhazikitsidwa, machubu angati athiridwa dothi, mbande zingati zamera. Amenewa ndiwo amachenjeza nthawi ikadalipo. Dera lomwe pofika Okutobala lili ndi mbande 8,000 zokha silingabzale mitengo 20,000, pokhapokha likagula mbande kwina, ndipo chiganizo chotero chimafunika kumangidwa mvula isanagwe.

Pali kavuto kakang'ono kamene kamabwera ndi tageti ya ziro. Kompyuta ikauzidwa kugawa nambala ndi ziro imalemba `#DIV/0!` m'bokosimo. Ngati tageti ili mu C2 ndipo zotsatira zili mu D2, odziwa ntchito amalemba chonchi kuti bokosi lingokhala lopanda kanthu:

```
=IF(C2=0,"",D2/C2)
```

Tsopano Malichi watha ndipo malipoti afika. Mzere wapansi ukuti mwa mitengo 48,000 ya kota yachinayi, yabzalidwa 45,600, kutanthauza 95 peresenti. Mabungwe ambiri amapaka bokosi lotere mtundu wobiriwira, ndipo msonkhano ungathe kutha anthu akumwetulira. Koma dera lililonse linali ndi tageti ya 16,000. Ku Ntcheu abzala 16,800, yomwe ndi 105 peresenti. Ku Dedza alemba 22,400, ndiye 140 peresenti. Ku Balaka abzala 6,400 yokha, 40 peresenti. Mitengo yowonjezera ya ku Dedza yakwirira dzenje la ku Balaka papepala, koma mtengo wa ku Dedza sungatchinge mphepo kapena kugwira dothi ku Balaka. Anthu akumeneko analonjezedwa chinthu chomwe sanalandire, ndipo wowerenga mzere wapansi wokha sangadziwe.

Ofesala wodziwa kulondoloza ntchito sathera pa Balaka pokha. Nayo 140 ya ku Dedza iyenera kumuimitsa, chifukwa kupitirira tageti kwambiri kawirikawiri kumasonyeza kuti tageti inali yochepa kapena kuwerenga kwasokonekera. Funso loyamba nlakuti, kodi lipotilo ndi la miyezi itatu yokhayi, kapena mlangizi waphatikiza kuchokera kumayambiriro a chaka? Ngati ku Dedza anabzala 4,000 mu Disembala, nkuilemba mu kota yachitatu, kenako nkuiphatikizanso mu lipoti la Malichi, ndiye kuti mitengo yeniyeni ya kota yachinayi ndi 18,400. Peresenti yatsika kufika 115, ndipo ya madera onse yachoka pa 95 kufika pafupifupi 87. Funso lachiwiri ndi la tanthauzo. Dera lina lingawerenge mbande zomwe zatuluka mu nazale, lina nkuwerenga zokhazo zomwe zalowa m'dzenje. Nchifukwa chake indiketa iliyonse imafunika kapepala kofotokoza chomwe chikuwerengedwa, wowerenga wake ndi umboni wake, monga kaundula wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Ofesala akakayika amatenga nambala ya m'tebulo, nkupita nayo kukaifananiza ndi kaundulayo tsamba ndi tsamba.

Ya ku Balaka nayo ingakhale ndi nkhani ina. Mwina midzi iwiri sinatumize malipoti chifukwa mlangizi njinga yamoto inamuwonongekera. Bokosi lopanda kanthu limatanthauza kuti uthenga sunafike, pomwe ziro amatanthauza kuti ntchito sinachitike. Wophatikiza manambala akasakaniza ziwirizi, dera logwira ntchito limaoneka laulesi. Choncho tebulo labwino limasonyezanso kuti mwa malipoti oyembekezeka afika angati, monga imachitira DHIS2, pulogalamu yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala mwezi ndi mwezi.

Malipoti onse akakhala kuti afika ndipo 40 peresentiyo ndi yoona, tebulo lafika pomwe limalekezera. Limaloza malo ndi nthawi, koma silinena chifukwa. Balaka ndi boma lotentha lomwe mvula yake imavuta, ndiye mwina nazale zinasowa madzi mu Okutobala, mwina machubu anafika mochedwa, mwinanso anthu anatanganidwa ndi maganyu m'miyezi ya njala. Vuto lililonse lili ndi mankhwala ake, ndipo yankho limapezeka pokhala pansi ndi komiti ndi a mfumu. Bokosi la ndemanga lomwe limakhala kumapeto a mzere liyenera kunena chomwe chapezeka, chomwe chichitike, wochita ndi tsiku lake. Kungolemba kuti "mavuto osiyanasiyana" nkutaya bokosilo.

Chatsala ndi mzere umodzi womwe matebulo ambiri a mitengo alibe, wa mitengo yomwe yapulumuka. Kubzala kumawerengedwa mu Malichi, koma chiswe, mbuzi zotayirira ndi moto wolusa zimadutsa m'chilimwe, kotero kuti chiwerengero chenicheni chimadziwika cha mu Okutobala kapena Novembala, mvula ina isanayambe. Nthawi imeneyo ndi kota yachitatu ya chaka chotsatira, tebulo la chaka chobzala litatsekedwa kale. Bungwe lofuna kudziwa zoona limaika indiketa imeneyi m'tebulo latsopano, ndi tageti yake dera ndi dera, nkupatuliratu ndalama ya mafuta yoti alangizi akawerengere mitengo yamoyo m'minda yomweyo yomwe inalembedwa m'kaundula.