Dzuwa likapendeka: malangizo opangira chithunzi cha nyumba yatsopano

Nyumba yogulitsa imayamba yaonedwa pafoni munthu asanapite kukaiona ndi maso, ndipo nthawi zina imaonedwa ikadali pamaziko. Kale wogulitsa nyumba yosamangidwa ankadalira katswiri wa mapulani kuti amujambulire mmene idzaonekere. Kuyambira 2022, pamene mapulogalamu monga Midjourney, Stable Diffusion ndi DALL·E 2 anafika m'manja mwa anthu wamba, munthu amangolemba malangizo pakompyuta kapena pafoni, chithunzi n'kutuluka. Ambiri amafuna chithunzi cha nyumba ya banja ikuwala ndi dzuwa lamadzulo. Koma akalemba mawu awiri okha akuti `golden hour` pambali pa mawu akuti nyumba yokongola, amalandira nyumba ya eni, yowala mosadziwika bwino. Malangizo abwino amanena zinthu zitatu: nyumbayo yamangidwa ndi chiyani, wojambula waima pati, ndipo dzuwa lili mbali iti.

Tiyambe ndi dzuwalo, pakuti mpamene pagona nkhani. Masana dzuwa likakhala paliwombo, denga limaponya mthunzi pakhoma, khonde limachita mdima, ndipo malata amathobwa m'maso. Likatsala pang'ono kulowa, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka, umene umamwaza mtundu wabuluu n'kusiya wachikasu ndi wofiirira. Kumabweranso chammbali, motero kumalowa pansi pa denga la khonde n'kufika pachitseko penipeni. Pakhoma pamaoneka timizere ta pulasitala, ndipo m'mipata ya njerwa mumagwa timithunzi timene timachititsa kuti khomalo lioneke logwirika. Dzuwa likakhala madigiri 10 pamwamba pa malekezero a thambo, mthunzi umatalika kuposa kasanu kutalika kwa chinthucho. Chipilala cha mamita atatu chimagoneka mthunzi wa mamita pafupifupi 17.

Kuno kwathu nthawi imeneyi sichedwa. Lilongwe ali pafupi ndi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, ndipo dzuwa limatsika pafupifupi molunjika, motero kuwala kofiirira kwenikweni sikupitirira kwambiri theka la ola. Wojambula ndi kamera amathamangitsana nako. Wolemba malangizo sathamanga, koma ayenera kukumbukira kuti pulogalamu ilibe dzuwa loti iliyang'ane. Imangotsanzira zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirapo, ndipo mukapanda kuiuza kumene kuwala kukuchokera, imasakaniza.

Titenge chitsanzo cha nyumba ya zipinda zogona zitatu, yopanda nsanja, yoyang'ana kumadzulo. Khoma ndi lopaka pulasitala ndi penti wotuwira ngati mkaka, denga ndi la malata a IBR otuwa moderapo, ndipo kutsogolo kuli khonde la zipilala ziwiri. Wojambula wodziwa ntchito saima moyang'anizana ndi chitseko, chifukwa nyumba imaoneka yaphwatalala. Amaima pangodya kuti aone mbali ziwiri. Akaima pangodya ya kummwera chakumadzulo, dzuwa limakhala kumbuyo kwake chakumanzere. Kutsogolo kwa nyumba kumawala, khoma la m'mbali limakhala mumthunzi, ndipo mithunzi yonse imagwera kumanja, kutali ndi iye. Kusiyana kwa khoma lowala ndi khoma lamthunzi n'kumene kumaonetsa kuti nyumbayo ili ndi thupi. Popeza mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi, malangizowo amalembedwa chonchi:

```
Photorealistic exterior of a new single-storey three-bedroom house.
Cream plastered walls, dark grey IBR iron sheet roof,
front veranda with two pillars, three front windows, brick paved driveway.
Three-quarter view at eye level, 24mm lens, straight vertical lines.
Golden hour, low sun behind camera on the left, long shadows falling right,
front wall lit, side wall in shade. --ar 3:2 --no chimney, people, text
```

Mizere itatu yoyamba ikunena za nyumbayo, ndipo chilichonse chowerengeka chawerengedwa: zipilala ziwiri, mawindo atatu. Kutchula zomangira n'kofunika chifukwa zithunzi zambiri za nyumba zimene mapulogalamuwa anaphunzirapo ndi za ku America ndi ku Ulaya. Mukangoti nyumba ya banja, kawirikawiri mumalandira ya matabwa, yansanja, yokhala ndi chumuni ndi kapinga wopanda mpanda. Ngati mukufuna mpanda wa njerwa, geti lachitsulo kapena mtengo wa mango pabwalo, zitchuleni.

Mzere wachinayi ukunena za kamera. Galasi la mamilimita 24 limatenga nyumba yonse ndi bwalo popanda kuipinda kwambiri, ndipo ndi limene ojambula nyumba amakonda. Kamera ikhale pamsinkhu wa maso a munthu woimirira, yosapendekera m'mwamba, chifukwa ikapendeka makoma amaoneka ngati akugwera chagada. Mizere yotsiriza ndiyo ya dzuwa. Mawu a kumapeto, `--ar 3:2` ndi `--no`, ndi a Midjourney: oyambawo akunena kuti chithunzi chikhale chotambalala m'lifupi, enawo akutchula zosafunika. Mapulogalamu ena amakhala ndi kabokosi kake ka zimenezi.

Chithunzi chikatuluka, musakomedwe ndi kufiira kwa mitambo. Yambani ndi mithunzi. Ikani chala patsinde pa chipilala, mutsatire mthunzi wake, kenako muchite chimodzimodzi ndi mtengo ndi mpanda. Yonse igwere mbali imodzi. Cholakwika chofala ndi chakuti pulogalamu imaika dzuwa likulowa kuseri kwa denga chifukwa chimenecho chimakongola, kwinaku khoma lakutsogolo likuwalanso ngati dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Nyumba yoteroyo ili ndi madzuwa awiri. Mukaona zimenezi, onjezani mawu akuti `sun not visible in frame` n'kuyesanso.

Kenako werengani mawindo, muone ngati akulingana msinkhu. Tsatirani mzere wa denga kuti muone ngati malata akukumana bwino pamsonga. Onani kumene msewu wa galimoto ukuthera, chifukwa nthawi zina umakagunda khoma lopanda chitseko, ndipo masitepe amakwera kupita pawindo. Onaninso mtundu wa khoma. Kuwala kukafiira mopitirira, penti wotuwira amasanduka wa lalanje, ndipo wogula sadziwa mtundu weniweni wa nyumbayo. Mawu akuti `natural colours` amathandiza kuchepetsa vutoli. Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe mawu amene abweretsa kusintha.

Pali malire amene malangizo, ngakhale olembedwa bwino chotani, sangadumphe. Mawu okha sangapereke miyeso ya pulani yanu. Mukhoza kulemba mawindo atatu, pulogalamu n'kuika anayi. Mukafuna kuti chithunzi chitsatire nyumba yeniyeni, ipatseninso chojambula cha katswiri wa mapulani, ndipo chotulukacho muchiyerekeze ndi pulani mzere ndi mzere.

Dzuwalo nalo lisanamize munthu. Ngati nyumba yeniyeni ikuyang'ana kum'mawa, kutsogolo kwake kumawala m'mamawa, ndipo malangizo anene `early morning`. Wogula amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, amene akutumiza ndalama atangoona chithunzi, ayenera kuuzidwa poyera kuti ndi chopangidwa ndi kompyuta. Lembani zimenezo pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo nyumba ikatha, pitani ndi kamera dzuwa litapendeka mukaijambule yeniyeniyo.