04/08/2024: pa 4 Ogasiti kapena pa 8 Epulo?

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Ndimasunga mabuku a mashopu, magulu obwereketsana ndalama ndi eni nyumba za lendi m'makomboni a Lusaka. Mapepala ambiri amene amandipeza masiku ano si enieni ayi. Ndi zithunzi zojambulidwa ndi foni, kapena masikani opangidwa pakantemba ka fotokope n'kutumizidwa pa WhatsApp. Anthu akamandipatsa mapepalawa maso awo amakhala pa ndalama. Ine ndimayambira pa deti, chifukwa mikangano yambiri imene ndimaweruza imabisala pamenepo.

Kuno ku Zambia timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, n'kumalizira chaka. Ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Britain amateronso. Ku America amayamba ndi mwezi. Ndiye munthu wa ku Matero akaona 04/08/2024 amati ndi pa 4 Ogasiti, pamene m'bale wake wokhala ku America amati ndi pa 8 Epulo. Aliyense akuwerenga bwino monga anaphunzirira, koma pakati pawo pagona miyezi pafupifupi inayi.

Si deti lililonse limene limavuta. Miyezi ilipo 12 yokha, choncho mukaona 25/03/2024 palibe chokayikitsa, pakuti kulibe mwezi wa 25. Vuto lili pa masiku 12 oyamba a mwezi uliwonse. Pa chaka masiku amenewa ndi 144. Tikachotsapo 12 amene tsiku ndi mwezi zimafanana, monga 05/05, timatsala ndi masiku 132 amene angawerengedwe pawiri. Kunena kwina, pa malisiti atatu alionse, limodzi likhoza kukusokeretsani.

Mwina mukuti za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Kanyama. Zimatipeza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mapepala ochokeradi kunja, monga malisiti a ndalama zotumizidwa ndi abale ndi mainivoisi a katundu wogulidwa pa intaneti. Yachiwiri ndi makina athu omwe. Makompyuta ambiri, mafoni ndi timakina tosindikiza malisiti timabwera titatcheredwa kale kalembedwe ka ku America, ndipo wogula amangoyatsa n'kuyamba ntchito. Motero lisiti la shopu ya simenti ya m'komboni momwemo likhoza kuyamba ndi mwezi mwini shopu osadziwa n'komwe.

Sikani imawonjezera vutoli chifukwa imalekanitsa pepala ndi anzake. Lisiti lenileni limachokera m'buku la kaboni, momwe muli malisiti ena a m'mbuyo ndi a m'tsogolo. Lili ndi kumbuyo kwake, kumene nthawi zina kumakhala chidindo. Wojambula amangotenga pamene pali ndalama, mutu wa pepala wokhala ndi adiresi n'kuudula. Mapepala opyapyala a m'timakina aja amafufuka akakhala m'thumba miyezi ingapo, ndipo pachithunzi 1 amafanana ndi 7, 3 amafanana ndi 8. Komanso deti limene foni ikusonyeza pa fayilo ndi la tsiku lojambula kapena lolandira chithunzicho, osati la tsiku lolipira. Chimene lingakuuzeni n'chakuti pepalalo linalipo kale pofika tsikulo, basi.

Tione nkhani ina ya gulu la amayi obwereketsana ndalama ku Chawama. Mayi wina anatenga ngongole ya K3,000 pa 10 Malichi 2024, pa chiwongoladzanja cha K300 pamwezi. Anayenera kubweza K3,300 pofika pa 10 Epulo. Mlongo wake wokhala ku America ndiye anamulipirira, ndipo anatumiza ndalamazo mwachindunji ku foni ya msungichuma. Tsikulo mlembi kunalibe, choncho m'buku simunalembedwe kanthu. Pogawana ndalama mu Disembala nkhani inabuka. Mayiyo anaonetsa chithunzi cha lisiti, pamwamba pake pali 04/08/2024. Mlembi anawerenga kuti pa 4 Ogasiti, nati: "Amayi, munachedwa miyezi inayi. Tichotsa K1,200 pa gawo lanu." Mayiyo anakanitsitsa kuti analipira ana asanatsekere sukulu teremu yoyamba.

Atabwera nazo kwa ine, funso langa loyamba linali lakuti pepalali analisindikiza ndani, ndipo anali kuti. Deti limatsata wolemba, osati wowerenga. Pa lisitilo ndalama yotumizidwa inali m'madola, ndipo nthawi inalembedwa `9:15 AM`, pamene ife kuno tinazolowera kuwerenga maola mpaka 24. Izi zinaloza ku America, koma kuloza si umboni. Makampani ena otumiza ndalama amasintha kalembedwe malinga ndi foni ya munthu, ndiye sindinaimire pomwepo.

Chachiwiri ndinafunafuna deti lina papepala lomwelo, kapena papepala lina lochokera kumalo omwewo, lokhala ndi nambala yoposa 12. Mayiyo anali ndi lisiti lina la ndalama za sukulu zimene mlongo wakeyo anatumiza kudzera ku kampani yomweyo. Linalembedwa 01/22/2024. Mwezi wa 22 kulibe, choncho kampaniyo imayamba ndi mwezi. Njira imeneyi ndiyo yodalirika kwambiri pa zonse zimene mungachite muli ndi mapepala okha. Mukapeza kalembedwe ka gwero limodzi, mapepala onse a gwerolo muwawerenge motero. Musamasankhe mzere ndi mzere, uwu tsiku poyamba, uwo mwezi poyamba, malinga ndi chimene chikukukomerani.

Chachitatu ndinafuna mboni ya mbali inayo. Ndalama ikachoka kwina imafika kwina, ndipo uko imasiyanso chizindikiro. Msungichuma anakatenga sitetimenti ya akaunti ya pafoni yake. Pa 8 Epulo panalowa K3,300. Pa 4 Ogasiti ndi masiku oyandikana nalo sipanalowe ndalama yotere. Nkhani inathera pomwepo, ndipo K1,200 ija sinachotsedwe.

Poyerekeza mapepala awiri otere musadabwe madeti akasiyana ndi tsiku limodzi. Mu Epulo, Lusaka amakhala patsogolo pa New York ndi maola 6. Ndalama yotumizidwa 8 koloko usiku kumeneko imafika kuno 2 koloko m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Kusiyana kwa tsiku limodzi kuli ndi chifukwa chake. Kusiyana kwa miyezi ndiko kofunika kufufuza.

Pali zothandiza zina ziwiri, koma chilichonse chili ndi malire ake. Choyamba ndi kalendala. Pa 4 Ogasiti 2024 linali Lamulungu, pamene pa 8 Epulo linali Lolemba. Likanakhala pepala lodindidwa pa kauntala ya banki, Lamulungulo likanatikayikitsa msanga. Chimodzimodzi 03/12/2024 pa chidindo cha ofesi ya boma: n'kovuta kuti likhale 12 Malichi, chifukwa ndi Tsiku la Achinyamata ndipo maofesi amakhala otseka. Koma ndalama za pafoni zilibe tchuthi, ndiye pa nkhani ya ku Chawama kalendala sikanatithandiza. Chachiwiri ndi manambala a malisiti. Ngati lisiti 0412 ndi la pa 27 Malichi, ndipo 0431 ndi la pa 15 Epulo, lisiti 0420 lolembedwa 04/08 lingakhale la pa 8 Epulo basi. Izi zimagwira ntchito ngati shopuyo imagwiritsa buku limodzi pa nthawi imodzi. Ngati pali mabuku awiri, limodzi la mwini ndi lina la wantchito, manambala amadumphana.

Msampha wina uli pakompyuta, ndipo umagwira ngakhale ife a ntchitoyi. Masiku ano pali mapulogalamu amene amawerenga sikani n'kusandutsa zolembedwazo kukhala fayilo ya CSV yotsegula mu Excel. Ngati kompyuta inatcheredwa kalembedwe ka ku America, Excel imatenga 05/03/2024, lomwe kwa ife ndi 5 Malichi, n'kulisunga ngati 3 Meyi. Ikafika pa 25/03/2024 imalephera kulimva ngati deti, ndiye imalisiya ngati mawu wamba. Sikuchenjezani chilichonse. Mumangoona kuti ndalama za Malichi zachepa, za Meyi zachuluka.

Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso. Madeti amene Excel yawalandira amatsamira kumanja kwa bokosi, amene yawakana amatsamira kumanzere. Mndandanda wa madeti ukakhala wokhotakhota choncho, dziwani kuti zasokonekera. Mungatsimikize polemba izi m'bokosi loyandikana nalo:

```
=ISNUMBER(A2)
```

Ngati madeti onse a pa 13 kupita m'tsogolo akupereka `FALSE`, pamene a pa 1 mpaka 12 akupereka `TRUE`, ndiye kuti a `TRUE` aja atembenuzidwa. Kusintha maonekedwe a bokosi sikuchiza, pakuti chimene chasungidwa mkati ndi 3 Meyi kale. Tsekani fayiloyo osasunga, sinthani `Region` ya kompyuta kukhala `English (United Kingdom)`, ndipo mutsegulenso fayilo yoyambirira ija.

Kwa a bizinesi, zimenezi zimafika mpaka ku Zambia Revenue Authority. Msonkho wa pa zogulitsa umene mabizinesi ang'onoang'ono amalipira umawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo umayenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Inivoisi ya 02/10 ikalowa mu Febuluwale m'malo mwa Okutobala, miyezi iwiri yalakwika nthawi imodzi, wina wanenepa, wina wawonda. Chiwerengero cha chaka chonse chimakhalabe cholondola, n'chifukwa chake cholakwachi chimatenga nthawi kuti chioneke.

Nanga ngati njira zonsezi zalephera? Apo sindilosera. M'buku ndimalemba madeti onse awiri, n'kuika chizindikiro chofunsa, ndipo ndimapempha pepala lenileni kapena kalata yochokera kwa amene analisindikiza. Wowerengera ndalama amene wasankha yekha deti popanda umboni wagamula mlandu wa anthu ena iwo osadziwa.

Pa mapepala amene mumalemba nokha, mankhwala ake ndi otchipa. Lembani mwezi m'mawu: 8 Epulo 2024. Chaka chilembeni chonse, manambala anayi, chifukwa 24/03/12 likhoza kuwerengedwanso ngati chaka chili poyamba. Pa mayina a mafayilo gwiritsani kalembedwe ka ISO 8601, komwe kamayamba ndi chaka, kenako mwezi, n'kumalizira tsiku, monga `2024-04-08`, ndipo mafayilo adzadziyala okha motsatana. Pojambula lisiti, jambulani pepala lonse kuyambira pamutu mpaka pansi, ndi kumbuyo komwe ngati kuli chidindo, lisanafufuke.

Inu alembi a magulu a chilimba, eni nyumba a ku Mtendere ndi ku George, ndi inu amisiri a mipando a ku Kalingalinga amene mumalandira ndalama pang'onopang'ono: lembani tsiku limene ndalama yalowa, tsiku lomwelo, mwezi wake m'mawu. Ndipo musanadule munthu chindapusa chifukwa cha deti la pachithunzi, yambani mwafunsa kuti pepalalo linasindikizidwa ndi ndani.